Kalata yopempha netiweki ilembedwe bwanji?

Pa tsiku la msika mupeza anthu ataunjikana pa chulu kapena pansi pa mtengo umodzi, mafoni ali m'mwamba, kusaka netiweki. Komiti ya chitukuko ikatopa nazo, imalemba kalata ku TNM kapena ku Airtel. Makalata ambiri otere amangodandaula kuti "tikuvutika, tithandizeni." Madandaulowo ndi oona, koma amene akuwerenga ku kampani akufuna kudziwa ngati mlongoti womangidwa pamalopo ungabweze ndalama zake. Kalata iyankhe funso limenelo.

Choyamba, vuto lifotokozedwe bwino, chifukwa mavuto a netiweki ali ndi mankhwala osiyana. Tiyerekeze msika wina umene uli m'chigwa, phiri lili chakum'mawa. Ngati foni siigwira n'komwe pamsikapo koma imagwira munthu akakwera pamtunda, ndiye kuti phirilo latchinga mlongoti wapafupi, ndipo pangafunike wina watsopano. Koma ngati foni imagwira masiku ena onse n'kumadukaduka pa tsiku la msika lokha, mlongoti ulipo kale, wangolemedwa ndi kuchuluka kwa anthu. Apo kampani ikhoza kungowonjezera zida pa mlongoti womwewo, ntchito yotchipa ndiponso yachangu. Komiti ya msika wa m'chigwawo iyende ndi mafoni a makampani onse awiri, ilembe malo, tsiku ndi nthawi imene yayesa: pachipatala, pasukulu, pa siteji ya minibasi. Wina wa foni yamakono atenge manambala a GPS, popeza maina a midzi amafanana m'maboma ambiri.

Kenako kalata iwerengere anthu. Mabanja ndi angati m'mabuku a mafumu? Magolosale, zigayo ndi aphunzitsi olandira malipiro mwezi ndi mwezi ndi angati? Nanga amene amayenda ulendo kukatapa ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money?

Chimene makomiti amaiwala kwambiri ndi malo. Mlongoti umafuna malo okwera opanda mkangano, msewu woti galimoto ifike ngakhale m'dzinja, ndi magetsi. Ngati nthambo za ESCOM sizinafike, nenani poyera, kuti awerengeretu za sola kapena jenereta. Chidindo cha gogo chalo ndi cha a ADC chimatsimikizira kuti malowo sadzabweretsa milandu.

Ine ndimalangiza kuti kope la kalatayo lipite kwa bwanamkubwa ndi ku MACRA. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lothandiza kufikitsa netiweki kumadera amene makampani saonako phindu. Msika wa anthu ochepa ukakanidwa ndi kampani, khomo lina ndi limenelo, ndipo nakonso adzafuna manambala a GPS aja, chiwerengero cha mabanja ndi chidindo cha mfumu.