Katundu akachedwa: kupempha kasitomala wa ku Falansa masiku owonjezera

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene ali ndi matelala ake osoka zikwama za zitenje. Mwini shopu wina wa mumzinda wa Lyon ku Falansa waoda zikwama 300, ndipo anagwirizana kuti zinyamuka Lachisanu pa 6 Malichi. Lolemba pa 23 Febuluwale matelala akupeza kuti mazipi 120 ndi oipa, akutseguka okha akangowakoka. Zikwama 180 zitha pa nthawi yake, koma zotsalazo ayi. Mayiyu ayenera kulemba imelo m'Chifalansa, ndipo ayilembe tsiku lomwelo.

Ambiri amadikira, poganiza kuti mwina zinthu zilongosoka, n'kudzalemba kutatsala tsiku limodzi. Kumeneko n'kumulakwira kasitomala. Mwini shopu uja mwina walengeza kale kwa ogula ake tsiku limene zikwamazo zifike. Akamva kudakali masiku 11 akhoza kusintha mapulani ake, koma akamva pa 5 Malichi palibenso chimene angachite kupatula kukwiya.

Mayiyu asanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, ayambe wawerengera masiku, chifukwa tsiku latsopano siliyenera kukhala longolota. Wogulitsa mazipi walonjeza ena abwino Lolemba pa 9 Malichi. Matelala amatsiriza zikwama 20 pa tsiku, choncho 120 zikufuna masiku 6 a ntchito: kuyamba Lachiwiri pa 10, kupuma Loweruka ndi Lamlungu, kutsiriza Lachiwiri pa 17. Pa 18 ndi poyang'ana msoko uliwonse ndi kulongedza. Pa 19 asiye padera, kuchitira kuti magetsi akhoza kuzima kapena mazipi kufika mochedwa ndi tsiku. Tsiku loti alonjeze ndi Lachisanu pa 20. Mtima umafuna kunena pa 17 kuti kuchedwako kuoneke kochepa, koma ine ndimati auletse. Kasitomala amakhululuka kusuntha tsiku kamodzi. Mukabweranso kachiwiri, amayamba kufunafuna wina womusokera.

Kwathu munthu wopempha amayamba ndi malonje, kufunsa za kunyumba, kenaka n'kufika pankhani pang'onopang'ono. Ndi ulemu wabwino, koma imelo ya ntchito ya Chifalansa siyenda choncho. Mutu wa imelo unene kale nkhani yake: «Commande de 300 sacs : demande de report partiel», kutanthauza pempho losuntha tsiku la gawo lina la odayo. Moni ndi mawu awiri okha, «Bonjour Madame», ndipo chiganizo choyamba chinene vuto:

«Je vous informe que je ne pourrai pas expédier la totalité des 300 sacs le vendredi 6 mars comme convenu.»

Apa akumudziwitsa kuti sakwanitsa kutumiza zikwama zonse 300 pa tsiku limene anagwirizana. Ulemu wake uli mwa «vous», amene akufanana ndi "inu" wathu. «Tu» ndi "iwe", ndipo salembedwa kwa kasitomala pokhapokha iyeyo atayamba. Aonetsetsenso kuti walemba «expédier», kutumiza, ngati pa 6 ndi tsiku lonyamuka katundu ku Lilongwe. «Livrer» ndi kufikitsa katundu m'manja mwa wogula, ndipo akasokoneza mawu awiriwa, mwini shopu adzayembekezera makatoni pakhomo pake tsiku limene akungokwera kumene ndege.

Kenaka chifukwa, ndipo chikhale choona ndi chachifupi:

«Cent vingt fermetures éclair sont défectueuses et je ne l'ai constaté qu'au montage. Les nouvelles arrivent le 9 mars.»

Mazipi 120 ndi oipa, wazindikira pamene amawasokerera, ndipo atsopano afika pa 9 Malichi. Taonani kuti mayiyu sakubisa mbali yake. Akanawayesa mazipiwo tsiku limene anafika, vuto likanadziwika kale, ndipo mawu akuti «je ne l'ai constaté qu'au montage» akuvomereza zimenezo mosadzinyoza. Chifukwa chotere kasitomala akhoza kuchitsimikiza, ngakhale ndi chithunzi cha zipi yophotchoka. Chifukwa chopeka, monga maliro amene kulibe kapena katundu wogwidwa pachipata pamene sanachoke n'komwe, chimaululika akangofunsa nambala yolondolera katunduyo.

Pali mawu ena amene anthu amakonda kuwathamangira chifukwa amamveka aakulu: «force majeure». Asawalembe. M'malamulo a ku Falansa, ndime 1218 ya «Code civil», mawuwa amanena za chochitika chimene munthu alibe nacho mphamvu, chimene sichikanayembekezereka pamene mgwirizano unkapangidwa, komanso chimene zotsatira zake sizikanapeweka ngakhale atachitapo zoyenera. Mazipi oipa sakufika pamenepo, popeza akanatha kuwayesa msanga kapena kugula kwina. Kasitomala wodziwa malamulo akaona mawuwa amaganiza kuti mukufuna kuzemba udindo, ndipo naye amatsegula kontirakiti kufufuza ndime ya «pénalités de retard», chindapusa cha kuchedwa. Ndimeyo mayiyu aiwerenge yekha asanalembe, kuti adziwe ngati tsiku lililonse lochedwa limudyera ndalama.

Mtima wa imeloyo ndi chiganizo chachinayi:

«Je vous propose d'expédier 180 sacs le 6 mars, puis les 120 restants le vendredi 20 mars, le second envoi étant à mes frais.»

Zikwama 180 zinyamuka pa tsiku lakale lomwe lija, 120 zotsala pa 20, ndipo mtengo wotumizira ulendo wachiwiri alipira yekha. Uku sikungopempha chifundo ayi. Mwini shopu walandira chinthu choti ayikepo mapulani: mashelefu ake sakhala opanda kanthu, ndipo kuchedwako sikumuwonjezera ndalama yotumizira. Mayiyu ayambe wafunsa mtengo wa ulendo wachiwiriwo kwa kampani yotumiza katundu, chifukwa kutumiza pandege n'kodula ndipo kukhoza kumeza phindu lonse la zikwama zotsalazo. Ngati sangakwanitse, apereke njira ziwiri: zonse 300 pamodzi pa 20, kapena maulendo awiri mogawana mtengo.

Tsiku alilembe lonse, dzina lake ndi deti lake. Mawu monga «dès que possible», msanga mmene kungathekere, sauza kasitomala kanthu. Kuwerenga masiku nakonso kuli ndi msampha. Mfalansa akati «quinze jours», masiku 15, nthawi zambiri amatanthauza masabata awiri. «Jours ouvrés» ndi masiku amene kampani imagwira ntchito, kawirikawiri Lolemba mpaka Lachisanu, pamene «jours ouvrables» amaphatikizapo Loweruka. Masiku 10 a mtundu woyamba ndi masiku 10 a mtundu wachiwiri sathera tsiku limodzi.

Kupepesa kubwere kamodzi, chakumapeto, limodzi ndi funso lofuna yankho:

«Je vous prie de m'excuser pour ce contretemps. Pourriez-vous me confirmer votre accord d'ici mercredi 25 février ?»

«Pourriez-vous» ndi kapemphedwe kofatsa, ngati "kodi mungathe", ndipo n'kokwanira. Palibe chifukwa chodzazira "pepani" mzere uliwonse. Atseke ndi «Bien cordialement» ndi dzina lake.

Yankho lolembedwalo n'lofunika kwambiri. Ndime 1120 ya «Code civil» imanena kuti kukhala chete, kupatula m'zochitika zina zapadera, sikuvomereza. Choncho Lachitatu likadutsa kuli zii, mayiyu asaganize kuti tsiku lasunthidwa. Aimbe foni, ndipo akagwirizana pakamwa alembenso imelo yobwereza masiku awiri aja ndi chiwerengero cha zikwama, n'kupempha kasitomala kuti ayankhe kuti wavomera. Ngati pali kontirakiti yosainirana yokhala ndi chindapusa, apemphe «avenant», kapepala kosintha mgwirizano kosainidwa ndi onse awiri, kotchula tsiku la 20 Malichi ndi kunena poyera kuti chindapusa sichiwerengedwa mpaka tsikulo.