Kuchotsa manambala m'foni n'kuwaika pa sipuredishiti: ziro akasowa, zonse zawonongeka

Mlembi wa banki m'khonde, wa kwaya kapena wa komiti ya sukulu amafika nthawi yoti apereke mndandanda wa mamembala: dzina, nambala ya foni, kumene munthu amakhala. Manambalawo ali nawo ndithu, koma ali m'foni, osakanikirana ndi a alamu, a wakabaza ndi a wogulitsa makala. Ambiri amangotenga cholembera n'kuyamba kukopera imodziimodzi. Anthu akakhala 15 palibe vuto, koma akakhala 300 tsiku limathera pomwepo, ndipo maso akatopa 6 amasanduka 8.

Njira yachidule ilipo. Foni imatha kutulutsa manambala onse mu fayilo imodzi, ndipo fayiloyo mungaisandutse sipuredishiti, lija tsamba la pakompyuta lojambulidwa mizeremizere ngati kaundula wa kusukulu. Munthu aliyense amatenga mzere wake wopingasa, ndipo mzere uliwonse wotsika, umene ambiri amati kolamu, umasunga chinthu chimodzi chokha: wina dzina, wina nambala, wina imelo. Kutulutsako n'kwa mphindi zochepa. Pamene anthu amagwa ndi potsegula fayiloyo, chifukwa mapulogalamu ngati Excel amaona nambala ya foni ngati nambala yowerengetsera masamu, n'kuikonza mwa nzeru zawo popanda kufunsa.

Tiyambe ndi kumene manambala amakhala. Foni ya Android imawasunga malo atatu: pa simu khadi, m'foni mwenimwenimo, kapena mu akaunti ya Google. Foni imawaonetsa onse pamodzi, ndiye mwini wake sadziwa kuti ali pobalalika. Simu khadi imasunga zochepa, kawirikawiri dzina lalifupi ndi nambala imodzi basi, n'chifukwa chake mayina ena mumawapeza ali odukiza. Musanachite china chilichonse, lowani mu Contacts, muone chiwerengero cha anthu amene ali pa malo alionse, mulembe papepala. Chiwerengerochi mudzachifuna kumapeto.

Mukasankha `Export` m'foni, mumapeza fayilo yothera ndi `.vcf`. Mtundu umenewu umatchedwa vCard, ndipo m'kati mwake munthu aliyense amalembedwa chonchi (dzina ndi nambalazi n'zongopeka):

```
BEGIN:VCARD
VERSION:2.1
FN:Amayi Phiri Kwaya
TEL;CELL:0999123456
TEL;CELL:0888123456
END:VCARD
```

Taonani kuti zinthu zandandalikidwa motsika, dzina pamwamba, manambala pansi. Wina ali ndi nambala imodzi, wina zitatu, wina ali ndi chithunzi chimene chimadzaza mizere yambirimbiri ya zilembo zosamveka. Mukaikoka fayilo imeneyi n'kuiponya mu Excel, zonse zimangokhuthukira mu kolamu imodzi yaitali. Imayenera isandulizidwe kaye kukhala `.csv`, fayilo imene munthu aliyense ali pa mzere umodzi ndipo zinthu zake zalekanitsidwa ndi mpatuliro.

Wosandutsa wabwino amene ambiri ali naye kale ndi Google Contacts. Pa kompyuta tsegulani `contacts.google.com`, mulowe ndi akaunti imene ili m'foni mwanu. Ngati manambala ena anali pa simu khadi kapena m'foni mokha, alowetseni kudzera pa `Import` pogwiritsa ntchito fayilo ya `.vcf` ija. A iPhone amatenga vCard yawo ku iCloud n'kuchita chimodzimodzi. Kenako sankhani anthu amene mukufuna, dinani `Export`, musankhe `Google CSV`. Mlembi wa kwaya angachite bwino kuyamba waika mamembala onse pansi pa `Label` imodzi, kuti atulutse okhawo, alamu ndi wamakala atsale m'foni.

Pa intaneti pali masamba ambiri amene amalonjeza kusandutsa `.vcf` kukhala `.csv` mwaulere. Ine sindingalangize munthu kupita kumeneko. Manambala amenewo ndi a anthu ena amene anakupatsani mokukhulupirirani, ndipo simukumudziwa mwini tsambalo. M'dziko limene mauthenga achinyengo a "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" amafika m'mawa ndi madzulo, mndandanda wa mayina ndi manambala ndi katundu wamalonda. Kuno ku Malawi kulinso lamulo loteteza mbiri za anthu limene linakhazikitsidwa mu 2024.

Tsopano fayilo ya `.csv` ili pa kompyuta, ndipo dzanja likuyabwa kuti muidine kawiri itseguke. Musatero. Nazi zimene zimachitikira Amayi Phiri mukatero.

Nambala yawo yoyamba ndi 0999123456. Pa masamu, ziro wa kumayambiriro alibe ntchito, choncho Excel imamutaya n'kusiya 999123456. Ili ndi vuto laling'ono, chifukwa ziro mungamubwezere. Vuto lalikulu limagwera nambala imene inasungidwa ndi khodi ya dziko, +265999123456. Excel imachotsa chizindikiro cha +, n'kutsala manambala 12, ndipo nambala ikatalika chotero imaionetsa mwachidule cha asayansi: 2.65999E+11. Pa nthawi imeneyo nambala yonse ikadalipo kuseri, sinatayike. Koma mukadina `Save` fayilo ikadali ya `.csv`, Excel imalemba zimene zikuoneka pamaso, ndipo mukadzatsegulanso mudzapeza 265999000000. Manambala asanu ndi limodzi a kumapeto apita osabwerera. Mamembala ambiri amene nambala zawo zimayamba mofanana amakhala ndi nambala imodzimodzi, ndipo palibe fomula imene ingawadzutse. Chotsala n'kubwerera ku foni kukayambiranso.

Choipa china n'chakuti kuwonongekaku sikugwera onse. Nambala imene munaisunga ndi mipata, monga 0999 123 456, Excel imaisiya chifukwa imaona ngati mawu. Ndiye munthu amayang'ana mizere isanu yoyamba, n'kuona kuti zili bwino, n'kutumiza kwa atcheya, osadziwa kuti kumunsi kwavunda.

Mankhwala ake n'kuuza pulogalamu isanatsegule kuti kolamu ya manambala ndi mawu, osati masamu. Mu Excel, tsegulani tsamba lopanda kanthu, pitani pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, musankhe fayilo yanu. Pa `Data Type Detection` sankhani `Do not detect data types`. Pa `File Origin` onetsetsani kuti palembedwa `65001: Unicode (UTF-8)`. Ichi chachiwirichi n'cha zilembo: mukachiphonya, chilembo cha ŵ chimatuluka ngati Åµ, moti amene munawasunga kuti Aŵa ndi a Mwale simuwazindikiranso. Mu Google Sheets njira ndi `File`, kenako `Import`, ndipo muchotse kachongi pa `Convert text to numbers, dates, and formulas`. Mu LibreOffice Calc, imene ndi yaulere, pamatuluka kabokosi pamene mumadina kolamu ya manambala n'kusankha `Text`. Ikangotseguka, isungeni ngati `.xlsx` kapena `.ods` pansi pa dzina lina. Fayilo ya `.csv` yoyambirira ikhale osaigwira.

Mudzapeza makolamu ambiri, ochuluka ake opanda kanthu. Fufutani osafunika, musiye `First Name`, `Last Name`, `Phone 1 - Value`, `Phone 2 - Value` ndi ena amene mukuwafunadi. Samalani pa manambala a Amayi Phiri: popeza onse awiri anasungidwa ngati a foni ya m'manja, Google ikhoza kuwaika m'kabokosi kamodzi, olekanitsidwa ndi `:::`. Fufuzani chizindikiro chimenechi m'tsamba lonse, ndipo paliponse pamene chili, nambala yachiwiri muisamutsire mu kolamu yakeyake. Kwa ife a simu khadi ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, izi zimachuluka kwambiri.

Chotsatira n'kufananitsa kalembedwe. Tinene kuti manambala ali mu kolamu B. Mu C muchotse mipata, mu D muwerenge kutalika, mu E mulembe nambala yoyera:

```
=SUBSTITUTE(B2," ","")
=LEN(C2)
="+265"&RIGHT(C2,9)
```

Kokerani mafomulawa mpaka pansi. Nambala ya foni ya m'manja ya ku Malawi imatuluka 10 ikayamba ndi ziro, 13 ikayamba ndi +265. Mukaona 9, ziro anasowa. Mukaona kutalika kwina, yang'anani ndi maso, mwina muli timizere kapena nambala inalembedwa yoperewera. Fomula ikamaoneka ngati mawu m'malo mopereka yankho, ndiye kuti kolamu yake nayo yakhala ya `Text`. Isintheni ikhale `General`, muilembenso.

Fomula yachitatuyo ili ndi msampha. Imatenga manambala 9 a kumapeto n'kuvekapo +265 mosafunsa kuti munthuyo ali kuti. Koma nambala za ku Zambia (+260) ndi za ku South Africa (+27) nazonso zili ndi manambala 9 pambuyo pa khodi. Membala amene ali ku Joni angasanduke wa ku Malawi, nambala yake n'kumaoneka yabwinobwino, uthenga wa zopereka n'kumapita kwa munthu wachilendo kapena kosowa. Choncho yambani mwasanja kolamu C, manambala akunja aunjikane pamodzi, muwakopere mmene alili. Posanjapo sankhani tsamba lonse. Mukasanja kolamu imodzi yokha, mayina amatsala pamene anali manambala n'kusuntha, ndipo aliyense amalandira nambala ya mnzake.

Ntchito imene kompyuta singakuchitireni ili pa mayina. M'foni sitilemba mmene amalembera pa chitupa. Timalemba "Amayi Phiri Kwaya", "Bambo a Chisomo", "Msungichuma Watsopano", "Achimwene Airtel". Google imayesa kudula: liwu loyamba imati ndi dzina loyamba, lomaliza imati ndi la bambo, ndiye mudzapeza kuti mu `Last Name` muli a Kwaya ambirimbiri. Apa khalani pansi ndi munthu wodziwa mamembala, mutsegule makolamu atsopano a dzina, dzina la bambo, udindo ndi dera, mudzaze ndi manja. Dzina la m'foni lija lisungeni mu kolamu yake mpaka mutamaliza, chifukwa ndi limene lingakukumbutseni kuti nambala iyi ndi ya ndani. Koma lifufuteni musanatumize kwa ena. Amene munamusunga kuti "Wangongole" si bwino adzadzione yekha pa msonkhano.

Anthu obwerezedwa muwapeze pogwiritsa ntchito nambala, osati dzina, chifukwa munthu mmodzi akhoza kukhalamo katatu ndi mayina atatu. Fomula ya `=COUNTIF(E:E,E2)` ikapereka 2 kapena kuposerapo, nambalayo ilimo kangapo. Musafulumire kufufuta: m'mabanja ambiri mayi ndi bambo amagwiritsa ntchito foni imodzi, ndipo onse ndi mamembala.

Mukatha zonsezi, tengani kapepala kaja. Mizere ya mu fayilo imene munatulutsa, kuchotsapo wa mitu pamwamba, ifanane ndi chiwerengero cha anthu amene munasankha. Ikachepa, mwina ena anatsalira pa simu khadi. Kenako sankhani anthu khumi, ena pamwamba, ena pakati, ena pansi penipeni, mufananitse nambala zawo ndi za m'foni imodziimodzi. Imodzi yokha ikasiyana, musatumize mndandandawo. Bwererani ku fayilo yoyambirira ija, mupeze pamene zinakhotera.