Lendi ya miyezi khumi ndi isanu m'chaka chimodzi

Eni mabizinesi ambiri amaweruza phindu poyang'ana ndalama zimene zalowa ndi kutuluka m'kabati. Akawuntanti amafunsa funso lina: ndalama imeneyi yagwira ntchito ya mwezi uti? Tsiku lolipira ndi nthawi yogwiritsa ntchito chinthucho sizifanana kawirikawiri, ndipo zikasiyana, mabuku amafunika kuwongola chaka chisanatsekedwe.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi malo ogona alendo ku Balaka, ndipo amatseka mabuku pa 31 Disembala. Nyumbayo ndi ya lendi, K300,000 pamwezi. Kuyambira Januwale mpaka Seputembala ankalipira mwezi ndi mwezi, koma pa 1 Okutobala mwini nyumba anapempha ya miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, ndipo mayiwo anapereka K1,800,000. Kalaliki analemba yonseyo pa akawunti ya lendi. Chaka chitatha, akawuntiyo ikuonetsa K4,500,000, pamene miyezi khumi ndi iwiri ya lendi ndi K3,600,000 basi. K900,000 yapamwambayo ndi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi a chaka chamawa.

Imeneyi ndiyo ndalama yolipiriratu. Yatuluka m'thumba, inde, koma siinathe ntchito: mayiwo akadali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo miyezi itatu osalipiranso. N'chifukwa chake imawerengedwa ngati chuma cha bizinesi. Powongola, akawuntanti amalemba debiti K900,000 pa akawunti ya zolipiriratu, ndi kirediti K900,000 pa akawunti ya lendi. Lendi ya chaka yatsika kufika pa K3,600,000, ndipo yotsalayo ikukaoneka pa balansi shiti, pamodzi ndi katundu ndi ndalama zakubanki. Inshuwalansi ya galimoto yolipira chaka chathunthu imayenda momwemo.

Mbali inayo ndi yovutirapo, chifukwa palibe lisiti lokukumbutsa. Mwezi wonse wa Disembala alendo anasamba, nsalu zapabedi zinachapidwa, koma bilu ya madzi ifika mu Januwale. M'kabati simunatuluke kanthu, choncho m'buku mulibe kanthu. Komatu madziwo ndi amene anathandiza kupeza ndalama za Disembala, ndipo mtengo wake uyenera kukhala m'chaka chimodzi ndi ndalamazo. Akawuntanti amawerenga mita kapena kuyang'ana mabilu a miyezi yapitayo, n'kuyerekeza kuti ndi K140,000. Amalemba debiti pa akawunti ya madzi, kirediti pa akawunti ya zoyenera kulipira, yomwe ndi ngongole ya bizinesi ngakhale mwini ngongoleyo sanabwere kudzaitchula. Malipiro a mlonda a Disembala operekedwa mu Januwale, kapena chiwongoladzanja cha ngongole yakubanki chimene chakhala chikukwera osalipidwa, zimalowa m'gulu lomweli.

Tsopano onani phindu. Mabuku asanawongoledwe ankaonetsa K4,000,000. Tikabwezera K900,000 ya lendi n'kuchotsa K140,000 ya madzi, phindu lenileni ndi K4,760,000. Ndalama yam'kabati sinasinthe ndi tambala yomwe, ndipo ichi n'chizindikiro chabwino: kuwongola kwa mtundu uwu sikukhudza akawunti ya ndalama kapena ya banki. Ukaona ikukhudzidwa, dziwa kuti penapake palakwika. Koma kwa amene akugawana phindu ndi mnzake, kapena akuwerengera msonkho wa MRA, kusiyana kwa K760,000 si nkhani yamasewera. Mnzako akachoka mu bizinesi pa 31 Disembala mabuku asanawongoledwe, wamubera osadziwa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi mu Januwale. Bilu ija yafika, ndipo yatuluka K152,000. Kalaliki akailemba yonse pa akawunti ya madzi, madzi a Disembala awerengedwa kawiri, chaka chatha ndi chaka chino, ndipo ngongole ya K140,000 itsala pa balansi shiti ngakhale inalipidwa kale. Choyenera n'chakuti K140,000 ifafanize ngongoleyo, ndipo K12,000 yokha, imene kuyerekeza kunaperewera, ilowe m'zowonongedwa za chaka chatsopano. Nayonso K900,000 ija isaiwalike: mwezi uliwonse K300,000 ichoke pa zolipiriratu kupita pa lendi, mpaka akawuntiyo itafika pa ziro kumapeto kwa Malichi.

Ine ndimaona kuti njira yachidule yogwirira zolakwa zimenezi ndi kuwerenga miyezi. Tsegulani akawunti ya chilichonse cholipira mwezi ndi mwezi, muwerenge. Mukapeza miyezi khumi ndi umodzi, pali bilu imene sinalembedwe. Mukapeza khumi ndi itatu kapena kupitirira, mwina mwalipiriratu, mwina mwalemba kawiri, ndipo madeti a pa malisiti ndiwo akuuzeni chimene chachitika.