Ulosi wa mvula watuluka: mlimi asinthe chiyani m'munda?

Chaka chilichonse dzinja likamayandikira, nthambi yoona zanyengo imatulutsa ulosi wa momwe mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo unduna wa zamalimidwe umaphatikizapo malangizo opita kwa alimi. Anthu ambiri amangotolapo mawu amodzi, akuti mvula ichepa kapena ichuluka, kenaka n'kugula mbewu yomwe ija ya chaka chatha. Izi zimachitikanso m'tauni, momwe ambiri amatumiza ndalama za mbewu ndi feteleza kumudzi kapena amachita lendi munda kunja kwa mzinda. Komatu phindu la chikalatachi lili pa zinthu zitatu zomwe mlimi angasinthe: mtundu wa mbewu, tsiku lobzala ndi nthawi yothira feteleza.

Ulosiwu umagawa dzinja pawiri. Gawo loyamba ndi la Okutobala mpaka Disembala, pomwe mvula imayamba, ndipo lachiwiri ndi la Januwale mpaka Malichi, pomwe chimanga chimamasula ndi kukhwima. Pa gawo lililonse akatswiri amanena ngati mvula ikhale yamlingo wake, yoposera apo kapena yocheperapo.

Mawu akuti "mlingo wake" ndiwo amasokoneza ambiri. Satanthauza mvula yokwanira mbewu iliyonse. Amatanthauza mvula yomwe dera limenelo lakhala likulandira pa zaka 30. Mlingo wa ku Nsanje ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ku Nkhata Bay, choncho mvula yocheperako pang'ono ku Nkhata Bay ikhoza kukhwimitsabe chimanga, pomwe ku Nsanje kuchepa komweko kukhoza kupsereza munda wonse. N'chifukwa chake mlimi ayenera kufunsa mlangizi wa m'dera mwake za ulosi wa boma lake, womwe umatuluka pambuyo pa ulosi wa dziko lonse.

Ulosi umanenanso za mwayi chabe. Akati mvula ikhale yamlingo wake kapena yocheperapo, ndiye kuti sikelo yapendekera kumeneko, ngakhale mpata woti ichuluke ulipobe. Komanso kuchuluka kwa mvula ya miyezi itatu sikuonetsa momwe idzagawikire. Mvula ikhoza kukwana mlingo wake itagwa yambiri m'sabata ziwiri, kenaka n'kudula kwa mwezi wathunthu.

Dzinja la 2023 mpaka 2024 lidaonetsa izi poyera. Ulosi udachenjezeratu za El Nino, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pasifiki komwe kawirikawiri kumachepetsa mvula kummwera kwa Africa. Alimi ambiri adabzala ndipo chimanga chidamera, koma m'Febuluwale kudagwa ng'amba yaitali yomwe idachipeza chikumasula. M'Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

Motero m'chikalata cha boma lake mlimi ayang'ane nthawi yomwe mvula ikuyembekezeka kuyamba, nthawi yomwe ikuyembekezeka kutha, ndi mwezi womwe ng'amba ingagwe. Mwachitsanzo, mlimi wa ekala imodzi ku Balaka wauzidwa kuti mvula iyamba kumayambiriro kwa Disembala, itha chapakati pa Malichi, ndipo pali chiopsezo cha ng'amba pakati pa Febuluwale. Dzinja lotere lili ndi masiku pafupifupi 100 okha.

Chimanga chimamasula chikafika pafupifupi theka la moyo wake, ndipo iyi ndiyo nthawi yomwe chimaopa ludzu koposa. Madzi akasowa, ngayaye imatuluka n'kuuma ndevu zisadatuluke, ndipo chisononkho chimakhala ndi maso apataliapatali kapena chimangokhala chopanda kanthu. Mlimi uja akabzala pa 5 Disembala mbewu yotenga masiku 140, chimanga chake chidzamasula cha pa 13 Febuluwale, mkati mwenimweni mwa ng'amba, ndipo chikadakhwima kumapeto kwa Epulo, mvula italeka kalekale. Akabzala tsiku lomwelo mbewu yotenga masiku 110, chidzamasula chakumapeto kwa Januwale ndipo chidzakhwima cha pa 25 Malichi. Ng'amba idzachipeza chitagwira kale maso. Zokolola zikhoza kutsika, koma m'nkhokwe mulowa kanthu.

Apa ndi pomwe mayina odziwika m'masitolo amakhala ndi tanthauzo: Kanyani ndi mbewu yocha msanga, Mkango ndi yapakati, pomwe Njovu imatenga nthawi yaitali. Mlimi awerenge masiku olembedwa pa paketi ndi kuwayerekeza ndi kutalika kwa dzinja lomwe laloseredwa. Mbewu yocha msanga ili ndi malire ake. M'chaka cha mvula yabwino imabereka mocheperapo kuposa yokhalitsa, ndipo ikakhwima mvula ikadagwa ikhoza kuolera m'munda. Popeza ulosi ndi mwayi chabe, mlimi uja akhoza kupereka gawo lalikulu la ekala yake ku chimanga chocha msanga, n'kusiya kachigawo ka mbewu zopirira monga mapira, nandolo, khobwe kapena mbatata.

Tsiku lobzala nalo likufunika kusamala. Ulosi ukanena kuti mvula ichedwa, mvula yoyamba ya chizimalupsa isakope mlimi. Imanyowetsa pamwamba pokha, mbewu imamera kenaka n'kufota, ndipo mlimi amagula mbewu kawiri. Mvula yobzalira ndi yokwana mamilimita pafupifupi 25 m'masiku awiri kapena atatu. Wopanda choyezera akumbe ndi khasu: chinyontho chikhale chitalowa kuya kwa chikhatho kapena kuposerapo, ndipo dothi likafinyidwa m'manja ligwirane. Asanabzale amvetserenso ulosi wa masiku akubwerawo pa wailesi, kuti adziwe ngati mvulayo ipitirire. Koma mvula yeniyeni ikagwa asazengereze, chifukwa m'dzinja la masiku 100 sabata imodzi yotayika imakankhira kumasula kwa chimanga kufupi ndi ng'amba.

Pa feteleza, lamulo lodziwika ndi lakuti wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa wa yureya atsatire patatha masiku pafupifupi 21. Lamuloli limagwira ntchito m'nthaka yonyowa. Yureya wothiridwa m'dothi louma safika ku mizu: wina amauluka, wina amawotcha mbewu. Ngati tsiku lothira lakwana ng'amba ili mkati, mlimi adikire mvula ndipo akathira akwirire. M'chaka chokayikitsa akhoza kugawa thumba lake pawiri, theka loyamba pa nthawi yake, linalo mvula ikaoneka kuti yakhazikika.

M'munda momwemo, ulosi wa mvula yochepa ukufuna mizere yopingasa chitsetse, yotsekedwa ndi timilambala todutsa pakati kuti madzi aime ndi kulowa pansi, komanso kuphimbira nthaka ndi mapesi. Ulosi wa mvula yochuluka ukufuna zosiyana: m'minda ya dothi la makande ndi yotsika, mizere yotseka imasunga madzi mpaka chimanga kuchita chikasu, choncho pamafunika ngalande zowatulutsa.

Ulosi wa dzinja lonse suwerengedwa kamodzi n'kuiwalika. Nthambi ya zanyengo imauunikanso dzinja lili mkati, ndipo imatulutsa lipoti la masiku 10 alionse lofotokoza mvula yomwe yagwa ndi momwe mbewu zilili. Ulosi woyamba umathandiza posankha mbewu isanagulidwe, pomwe malipoti afupiafupiwa ndiwo amauza mlimi tsiku lobzala, lothira yureya, ngakhalenso nthawi yosiya kubwereza chimanga chomwe chafa n'kuika mbatata kapena khobwe m'malo mwake.