Masiku a katemera wa mwana wanu ndi kumene mungapite naye

Katemera wa mwana amayamba tsiku lobadwa. Ngati munaberekera kuchipatala, mwanayo analandira jakisoni wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo musanatuluke. Ngati anabadwira kunyumba kapena panjira, pitani naye kuchipatala mwamsanga kuti akalandire zimenezi.

Kenako pali maulendo atatu otalikirana ndi milungu inayi: mwana akakwanitsa milungu 6, 10 ndi 14. Pa masiku amenewa amalandira katemera wa poliyo, chibayo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima ndi matenda ena. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, ndipo amabwerezedwa pa miyezi 15 ku Malawi, pa miyezi 18 ku Zambia. Wobwereza uyu ndiye amaiwalika kawirikawiri, chifukwa mwana amakhala akuyenda kale ndipo amaoneka wathanzi. Komatu ana ena satetezeka ndi jakisoni woyamba yekha.

Tiyerekeze kuti mwana wanu anabadwa pa 3 Malichi. Masiku ake ndi 14 Epulo, 12 Meyi ndi 9 Juni, ndipo wa chikuku ndi pa 3 Disembala. Ndiye mwina pa 12 Meyi kunagwa maliro, kapena munali kokolola, n'kukafika kusikelo pa 26 Meyi. Musade nkhawa. Katemera amene analandira mu Epulo sanapite pachabe, ndipo sayambiranso poyamba. Adzangolandira wachiwiri tsiku lomwelo, wachitatu n'kusunthira pa 23 Juni, chifukwa payenera kudutsa milungu inayi. Choopsa si kuchedwa kwa milungu iwiriyo ayi, koma kukhala pakhomo poopa kuti akakudzudzulani.

Katemera ndi waulere pachipatala chilichonse cha boma. Ngati chipatala chili kutali, alangizi a zaumoyo amachititsa sikelo m'midzi mwezi ndi mwezi, mwina pasukulu, patchalitchi kapena pansi pa mtengo. Afunseni tsiku la dera lanu. Mukasamuka kapena mukakhala kocheza kwa abale, pitani kusikelo ya komweko. Tengani kabuku ka mwana, pakuti m'menemo ndi mmene amalemba zomwe walandira ndi tsiku lobweranso. Kakatayika, pitanibe mukafotokoze. Amayi akatanganidwa, abambo kapena agogo angathe kupita naye.

Chimfine kapena chifuwa chochepa si chifukwa chojombera; azaumoyo adzamuona kaye asanamubaye. Akabayidwa, thupi limatha kutentha pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pobayidwapo pamatupa. Muyamwitseni pafupipafupi, osamufunditsa zovala zambiri. Pa BCG pamatuluka kachilonda patapita milungu ingapo, kamene kamapola kokha n'kusiya chipsera. Musafinye kapena kupakapo mankhwala.

Koma mwana akakomoka, akakana kuyamwa, akamapuma movutikira, kapena kutentha thupi kukapitirira masiku awiri, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira tsiku la sikelo.