Poonera chithunzi chimene munthu wasinthidwa zovala: manja, tsitsi ndi kolala

Pulogalamu ya AI ikasintha zovala za munthu pa chithunzi, siyivula malaya n'kumuveka ena. Imafufuta dera lonse pamene panali chovala chakale, kenako n'kujambulapo china chatsopano mongoganizira, potengera zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirapo. Mapeto ake chithunzi chimodzi chimakhala ndi mbali ziwiri: ina inajambulidwa ndi kamera, ina inachita kupekedwa. Zimafanana ndi chigamba cha telala waluso, chimene pakati pake sipaoneka vuto koma msoko wake ndiwo umaulula. Msoko umenewu umadutsa malo atatu pamene thupi limakumana ndi nsalu, ndiwo manja, m'mphepete mwa tsitsi ndi m'khosi.

Chimene chimachititsa kuti zolakwika zichuluke m'malo amenewa chili m'kagwiridwe ka mapulogalamuwo. Wosintha chithunzi amayamba wazunguliza malire a chovala, kapena pulogalamu imadzipezera yokha malirewo. Pofuna kuti msoko usaoneke, malirewo amakulitsidwa pang'ono n'kufewetsedwa, motero amadyako khungu, tsitsi ndi zala zimene zinagundana ndi nsalu. Zonse zimene zalowa m'kati mwa malire zimajambulidwanso. Palinso vuto la kuchepa kwa tinthu. Stable Diffusion, imene inatuluka m'chaka cha 2022, inkagwira chithunzi cha timadontho 512 m'litali ndi m'lifupi, koma pojambula inkayamba yachipanikiza kukhala tizigawo 64 mbali iliyonse, kutanthauza kuti kachigawo kamodzi kamaimira timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Munthu wotalika masentimita 170 akadzaza chithunzi chotere, sentimita imodzi imakhala timadontho pafupifupi titatu, ndipo kunenepa kwa chala chake sikukwana n'komwe kachigawo kamodzi. Mapulogalamu atsopano amagwira zithunzi zazikulupo, koma mpaka pano kanthu kakachepa ndiye kamapotoka msanga.

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi amene akufuna chithunzi choika pa kalata yofunsira ntchito. Pa chithunzi choyamba wavala sikipa yozungulira m'khosi, ali ndi tsitsi loluka logwera pa mapewa, tcheni chopyapyala m'khosi ndi wotchi pa mkono, ndipo dzanja lake lamanja lili m'chiuno. Pulogalamu yauzidwa kuti imuveke jekete yakuda ndi malaya oyera a kolala. Pa foni chithunzi chatsopano chikuoneka bwino. Zoona zake zimatuluka chikakulitsidwa kawiri kapena katatu, makamaka pa kompyuta. Kukulitsa mopyola apo sikuthandiza, chifukwa chilichonse chimayamba kuoneka ngati timabokosi.

Pa manja, anthu ambiri amathamangira kuwerenga zala. Kuwerengako sikulakwa, koma mapulogalamu a masiku ano sakonda kuika zala zisanu ndi chimodzi monga ankachitira akale, ndipo posintha zovala dzanja lenileni nthawi zambiri limasiyidwa momwe linalili. Pofunika kuyang'ana ndi pamene dzanja lakhudza nsalu. Dzanja loikidwa m'chiuno limakanikiza chovala, ndipo nsaluyo imapanga makwinya ochokera pansi pa zala, pamodzi ndi kamthunzi kakuda pang'ono m'munsi mwa chala chilichonse. Pa chithunzi cha mayi uja jekete ndi yosalala pansi pa dzanja, ndipo zalazo zikuoneka ngati zangosanjikidwa pamwamba. Nsonga ya chala chaching'ono, imene inalowa m'malire ofufutidwa, yasungunukira mu nsalu yakuda ndipo ilibe chikhadabo. M'mipata ya zala mwatsala timizere ta mtundu wa sikipa yakale, chifukwa malire sanathe kulowa m'tinjira topanikizika choncho.

Kenako pali polekezera mkono wa jekete. Sikipa inali ya manja aafupi, choncho pulogalamu yaphimba mkono wonse mpaka pa mfundo ya dzanja, pomwe panali wotchi. Zimene zimachitikira wotchi yotere n'zodziwika: mwina imatsala theka, mwina lamba wake amasanduka mbali ya nsalu, mwinanso imasowa n'kusiya kachitsulo konyezimira kopanda tanthauzo. Ndi bwinonso kuyerekeza kunenepa kwa mkono wa jekete ndi kukula kwa dzanja lotulukamo. Dzanja likaoneka kuti likutuluka chakumbali, osati pakati pa mkono wa chovala, ndiye kuti mkono wopekawo sunatsatire fupa lenileni.

Tsitsi ndilo limavuta kwambiri, chifukwa lilibe malire enieni. M'mphepete mwa tsitsi la munthu mumakhala titsitsi tothawa, ndipo kudzera m'mipata yake mumaoneka zimene zili kumbuyo, kaya ndi khoma kaya ndi chovala. Mayi uja zingwe za tsitsi lake zinali pamwamba pa sikipa, ndiye pulogalamu inayenera kusankha pakati pa kuzisunga ndi kuzijambulanso. Ikazisunga, m'mipata ya zingwezo mumatsala mtundu wa sikipa, ndipo chingwe chilichonse chimakhala ndi kamzere kowala m'mbali mwake pamwamba pa jekete yakuda. Ikazijambulanso, malukidwe amasintha panjira. Njira yodalirika ndiyo kusankha chingwe chimodzi n'kuchitsatira ndi diso kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Chenicheni chimakhala ndi malukidwe ofanana njira yonse, ndipo chimathera pa nsonga yooneka. Chopeka chimafika pa phewa n'kusanduka ngati chingwe chosalala, kapena chimagawikana pawiri, kapena chimangozimirira m'jekete osadziwika kumene chathera. Nthawi zina mbali imodzi tsitsi limafika pachifuwa pomwe mbali inayo ladulidwa molunjika pa mzere wa phewa.

Kwa munthu wa tsitsi lalifupi kapena wometa, poyang'ana ndi kunkhongo ndi kumbuyo kwa makutu, pomwe kolala yatsopano yakwera kufika pafupi ndi tsitsi. Pamenepo kunsi kwa khutu kumatha kudyedwa, ndolo imodzi kufupika kuposa inzake, kapena ndevu za m'munsi mwa chibwano kutha mwadzidzidzi ngati zametedwa ndi lezala. Ngati chosinthidwacho ndi chipewa kapena duku, pulogalamu imapekanso mzere wa tsitsi pamphumi, ndipo mzerewo umakhala wosalala mopitirira, wopanda titsitsi tating'ono timene timamera moyamba.

Kolala ili ndi kamangidwe kake kamene telala aliyense amakadziwa, ndipo pulogalamu imangotsanzira maonekedwe osadziwa kamangidweko. Nsonga ziwiri za kolala zimakhala zofanana kutalika ndi kupindika, ndipo kolalayo imazungulira kumbuyo kwa khosi ngati nsalu imodzi. Pa chithunzi chosinthidwa nsonga imodzi imatalika, kapena mbali yakumanzere imakwera kuposa yakumanja moti ziwirizo sizingakumane kumbuyo. Mabatani amatalikirana mosiyanasiyana, ena amakhala opanda bowo, ndipo mbali ya jekete imene ili pamwamba pachifuwa imapezeka ili pansi pamimba. Tayi imatha kumera pa nsalu popanda mfundo yeniyeni.

Khungu la m'khosi limanena zambiri kuposa nsaluyo. Sikipa ya mayi uja inaphimba mpaka m'munsi mwa khosi, pomwe malaya atsopano ali ndi batani lapamwamba lomasula. Khungu looneka pampata umenewo kamera sinalionepo, ndi lopeka lonse. Kawirikawiri limakhala losalala kuposa la kumaso, lopanda timabowo, timakwinya kapena tizipsera, ndipo mtundu wake umasiyana pang'ono ndi wa pamwamba pake. Poyang'anitsitsa pamaoneka mzere wokhota wodutsa m'khosi, pomwe pankathera sikipa. Tcheni nacho chimatsika mbali imodzi ya khosi koma osakwera mbali inayo. Chizindikiro chomwechi chinaoneka pa chithunzi chodziwika cha Papa Francis atavala jekete yoyera yotupa mu Marichi 2023, chimene chinapangidwa chonse ndi Midjourney: mtanda wa pachifuwa unkalendewera pa tcheni chooneka mbali imodzi yokha.

Kuwala ndi umboni wovuta kuubisa. Ngati nkhope yawalitsidwa kuchokera kumanzere, mthunzi wa chibwano uyenera kugwera kumanja, pa khosi ndi pa kolala pomwe. Kolala yoyera mbee pansi pa chibwano, yopanda mthunzi uliwonse, ndi yokayikitsa. Komanso nsalu imabwezera mtundu wake pa khungu. Sikipa yofiira imasiya kufiira pang'ono m'munsi mwa chibwano, ndipo kufiirako kumatsala ngakhale munthuyo atavekedwa malaya oyera.

Zizindikiro zonsezi zili ndi malire ake, ndipo kuweruza ndi chimodzi chokha n'kulakwira anthu. Mafoni ambiri ali ndi njira yojambulira imene imazimiririka kumbuyo kwa munthu, ndipo njira imeneyi imadula titsitsi ta m'mphepete ngakhale chithunzicho sichinasinthidwe. WhatsApp imapanikiza zithunzi, n'kusiya timabokosi ndi timizere towala pomwe mitundu iwiri yakumana. N'chifukwa chake chithunzi chofuna kuchifufuza chiyenera kutumizidwa ngati Document, kuti chifike momwe chinalili. Cholakwika chikapezeka sichinenanso kuti chida chake chinali chiti. Mu Marichi 2024 mabungwe a nkhani monga Associated Press ndi Reuters anachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William wa ku Britain, ali ndi ana ake, mwa zina chifukwa mkono wa juzi ya mwana wake wamkazi sunkalumikizana bwino pa dzanja. Iye anavomera kuti anachikonza yekha, koma mkono wosalumikizanawo pawokha sukanatha kusonyeza ngati panadutsa AI kapena dzanja la munthu.

Mapulogalamu ena atsopano sazunguliza malire n'komwe. Amajambulanso chithunzi chonse, choncho msoko sukhalapo, koma kusinthako kumamwazikana: kadontho ka pa tsaya kamasuntha, mano amalongosoka, zilembo za pa chikwangwani chakumbuyo zimapotoka. Apa chothandiza ndi chithunzi choyambirira. Ndi momwe inadziwikira nkhani ya Georgie Purcell, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Victoria ku Australia. Mu Januwale 2024 wayilesi ya kanema ya Nine News inaonetsa chithunzi chake momwe diresi yake yoyera inasanduka zovala ziwiri zosiya mimba pamtunda. Iye anaika chithunzi chenicheni pambali pa chosinthidwacho, ndipo wayilesiyo inapepesa n'kunena kuti zinachitika zokha mu Photoshop pokulitsa chithunzi. Kampani ya Adobe inayankha kuti kusintha kotero sikukanatheka popanda munthu kuchitapo kanthu ndi kuvomereza. Pamene chithunzi choyambirira chapezeka, ziwirizo zimaikidwa pa kukula kofanana n'kumazisinthanitsa mofulumira pa kompyuta, ndipo paliponse pamene pajambulidwanso pamaoneka ngati pakugwedezeka.