Agogo Akatuma Mdzukulu ku Banki

Agogo akudwala kumudzi ku Ntcheu, ndipo atuma mdzukulu kukatenga sitetimenti ku banki. Kalata yomupatsa chilolezo itchule dzina lake lonse monga lilili pa chitupa cha unzika, nambala ya chitupacho, nambala ya akaunti, tsiku, ndi chinthu chimene akatenge. Kungolemba kuti "mumuthandize" n'kutaya ndalama ya minibasi.

Pamavuta kwambiri ndi pa siginecha. Wa pakauntala amaifananitsa ndi imene agogo anasiya potsegula akaunti, ndiye dzanja likanjenjemera ndi matenda, kalata imabwezedwa. Ngati anadinda chala, banki ingafune mboni, kapena kuonana nawo maso ndi maso.

Zikalata mdzukulu angapatsidwe. Ndalama n'zina: nthawi zambiri banki imafuna fomu yakeyake, kapena chikalata cholembedwa kwa loya.